Lendi ya shopu: ilembedwe ngati ndalama yotuluka kapena ngati chuma cha kampani?

Kalata iyi yachokera kwa mayi wina wa ku Salima:

"Zikomo akulu. Ndimasunga mabuku a kampani yogulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala a m'munda. Mu Januwale tidalowa m'shopu yatsopano pa Kamuzu Road. Lendi ndi K600,000 pamwezi, koma landilodi amafuna ya chaka chonse pakamodzi, K7,200,000. Mgwirizano ndi wa miyezi 12, ndipo ukunena kuti tikhoza kuwonjezera kawiri, chaka chimodzichimodzi, pa mtengo womwewo. Taikamo mashelefu, siling'i ndi zitsulo za m'mawindo za K9,000,000. Ine ndakhala ndikulemba lendi mwezi ndi mwezi ngati kale. Odita akuti shopuyi ilowe m'mabuku ngati chuma. Nyumba ya eni ingakhale bwanji chuma chathu?"

Mayi, musanakangane ndi odita, tsegulani malipoti a chuma a chaka chatha, aja adasainidwa ndi madayirekitala. Mukadutsa masamba a manambala mupeza mawu ofotokoza malamulo amene kampani idatsata polemba mabuku. Pamenepo palembedwa chimodzi mwa ziwiri: IFRS yonse, yomwe ndi malamulo apadziko lonse olembera mabuku a chuma, kapena IFRS for SMEs, lomwe ndi buku lalifupi la makampani amene sagulitsa masheya kwa anthu wamba komanso sasunga ndalama za anthu monga achitira mabanki ndi ainshuwalansi. Makampani ambiri a kukula ngati yanu kuno kwathu amaloledwa kutsata buku lalifupili.

Ngati mwapeza IFRS for SMEs, mukulondola ndinu. Gawo 20 la bukulo likadali ndi kaonedwe kakale: lendi ya shopu imene simudzaitenga kukhala yanu ndi ndalama yotuluka basi. K7,200,000 mudalipira ija imayamba yakhala ngati ndalama yolipiriratu, kenako mwezi uliwonse mumachotsapo K600,000 n'kuiika ku zotuluka. Ngakhale buku lokonzedwanso lomwe lidatuluka mu Febuluwale 2025, loti liyambe kugwira ntchito pa 1 Januwale 2027, silidasinthe zimenezi. Ndakumanapo ndi achinyamata angapo ongochoka kumene ku mayeso a ukauntanti amene amafuna kuika IFRS 16, lamulo la lendi la mu IFRS yonse, paliponse pamene aona mawu oti lendi, osayamba afunsa kuti kampaniyo ili pa buku liti. Komabe funsani bwino, chifukwa ngati kampani yanu ili pansi pa ina yaikulu yotsata IFRS yonse, akulikulu adzafuna manambala a IFRS 16 ngakhale inu muli pa buku laling'ono.

Tsono tiyerekeze kuti mwapeza IFRS yonse. Apa ndiye odita ali ndi mfundo.

Kuyambira pa 1 Januwale 2019, IFRS 16 idalowa m'malo mwa lamulo lakale la lendi, IAS 17, ndipo idasintha funso lenilenilo. Sakufunsanso kuti nyumbayo ndi ya yani. Nyumba ndi ya landilodi, palibe akutsutsa. Chimene inu muli nacho ndi ufulu wotsegula chitseko chija m'mawa uliwonse, kuika matumba a feteleza m'menemo ndi kuletsa wina aliyense kugulitsiramo, kwa nthawi yonse ya mgwirizano. Ufulu umenewo ndiwo chuma chimene akunena, ndipo m'kompyuta akaunti yake mudzaitcha `Right-of-use asset`. Mbali inayo kuli ngongole, `Lease liability`, chifukwa mudalonjeza kulipira zaka zikubwerazo.

Njira zothawira zilipo ziwiri zokha. Yoyamba ndi ya katundu wotsika mtengo, monga foni, laputopu kapena mipando ya mu ofesi. Nyumba siilowa m'gulu limeneli ngakhale itakhala kachipinda ka kuseli kwa msika. Yachiwiri ndi ya mgwirizano waufupi, wa miyezi 12 kapena kucheperapo, wopanda mwayi wogula nyumbayo. Ndikudziwa kuti apa ndi pamene mwatsamira, poti pepala lanu likuti miyezi 12.

Vuto ndi loti IFRS 16 siwerenga nthawi ya lendi pa mzere woyamba wa pepala. Imatenga miyezi imene simungathe kutulukamo, n'kuwonjezerapo zaka zimene muli ndi ufulu wowonjezera ngati zikuonekeratu kuti mudzawonjezeradi. Ndiye taonani nkhani yanu ndi maso a munthu wakunja. Mwathira K9,000,000 m'nyumba ya eni, ndipo siling'i ndi zitsulo zowotcherera pawindo simungazinyamule pa lole tsiku losamuka. Lendi idzakhala yomweyo kwa zaka zitatu m'dziko limene kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023. Alimi a ku Khombedza ndi Chipoka akangozolowera kuti mbewu amaipeza pakhomo pajapo, simungafune kuwasocheretsa. Ndani angatuluke mu Disembala zinthu zili chonchi, nyengo ya feteleza ili pakati? Ineyo ndikadakhala odita wanu ndikadalemba zaka zitatu osazengereza.

Koma bwererani ku pepalalo mukawerenge ndime yowonjezera ija liwu ndi liwu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ngati ikuti wobwereka akhoza kuwonjezera pongolemba kalata, ufuluwo ndi wanu, landilodi sangakane, ndipo zaka zitatu zija zaima. Ngati ikuti mgwirizano udzawonjezedwa mbali zonse ziwiri zikagwirizana, ndi nkhani ina, poti landilodi akhoza kukuuzani kuti mwana wake akufuna kutsegulamo saluni. Ngakhale pamenepo musafulumire kusangalala. Komiti yotanthauzira malamulowa idafotokoza mu Novembala 2019 kuti poyeza ngati mgwirizano ukumangabe anthu, tisamangoyang'ana chindapusa cholembedwa, tiziyang'ananso zimene munthu angataye akachoka, monga zokonzakonza zanu za K9,000,000 zija. Mapangano ambiri a m'matauni mwathu amalembedwa tsamba limodzi, ena ndi apakamwa, ndiye apa pamafunika kukhala pansi ndi odita n'kulemba chifukwa chimene mwasankhira nthawi yakutiyakuti.

Tiwerengere limodzi za zaka zitatuzo. Mukufunika chiwongoladzanja, ndipo poti simungadziwe chimene landilodi adaika m'mutu mwake, mumagwiritsa ntchito chimene banki ingakulipiritseni mutakongola ndalama yofanana, kwa zaka zitatu, ndi chikole chofanana. Pemphani kalata ku banki yanu muisunge m'fayilo. Pano ndingoyerekeza 30 peresenti pachaka.

K7,200,000 yoyamba mudalipira tsiku lolowa, choncho si ngongole. Ngongole ndi malipiro awiri otsalawo, obwezedwa ku mtengo wa lero pogawa ndi 1.30 pa chaka chilichonse chodikira:

```
7,200,000 / 1.30        = 5,538,462
7,200,000 / 1.30 / 1.30 = 4,260,355
                          9,798,817
```

Ngongole yoyambira ndi K9,798,817. Chuma chija ndi ngongoleyi kuphatikiza K7,200,000 yolipiriratu, zomwe zikukwana K16,998,817. Ngati mudalipira wina wokupezerani shopu, ndalama yakeyo imalowanso momwemu. Dipoziti yodzabwezedwa ikhale payokha, ndipo mashelefu ndi siling'i ali ndi akaunti yawo ya zokonza m'nyumba yobwereka, musazisakanize.

Chumacho chimatha pang'onopang'ono mofanana kwa zaka zitatu, K5,666,272 chaka chilichonse. Ngongole nayo imabala chiwongoladzanja: chaka choyamba 30 peresenti ya K9,798,817 ndi K2,939,645. Mukaphatikiza ziwirizi, chaka choyamba chikudya K8,605,917 pa phindu, pamene kalembedwe kanu kakale kakadadya K7,200,000 yokha. Kusiyana kwake ndi pafupifupi K1,400,000, ndipo abwana akaona phindu latsika chonchi adzakuitanani mu ofesi. Muwauze kuti palibe tambala yowonjezera imene yatuluka m'thumba. Pofika 31 Disembala ngongole yakwera kufika K12,738,462, mu Januwale mulipira K7,200,000, itsala K5,538,462. Chiwongoladzanja cha chaka chachiwiri ndi K1,661,538, ndiye chaka chimenecho chidya pafupifupi K7,328,000. Januwale wachitatu mukalipira, ngongole yatheratu, ndipo chaka chomaliza chingodya K5,666,272. Zaka zitatu pamodzi ndi K21,600,000, ndalama yomweyo mukadalemba mwa njira yakale. Kungoti katundu walemera koyambirira n'kupepuka kumapeto.

Njira yodziwira ngati mwalakwitsa ndi yosavuta: tebulo lanu la ngongole liyenera kuthera pa ziro tsiku la malipiro omaliza. Ine ndidalakwitsapo pa kampani ina imene ndinkaithandiza mabuku. Ndidaika malipiro oyamba aja m'ngongole, kenako osawachotsa tsiku lomwelo, ndiye ndidawerengera chiwongoladzanja pa ndalama yolipidwa kale. Tebulo lidathera ndi mamiliyoni olendewera, ndipo ndidakhala usiku wonse ndikusakasaka pamene padabowoka. Cholakwa china chofala ndi kusiya K600,000 ikulowabe ku akaunti ya lendi mwezi uliwonse pamene mwayamba kale kalembedwe katsopano. Mukaona lendi, kutha kwa chuma ndi chiwongoladzanja zonse zitatu zili m'lipoti pa shopu imodzi, mwawerenga kawiri.

Popeza mwati mudakhala mukulemba mwakale kuyambira Januwale, kukonza kwake sikovuta bola chaka chisanatsekedwe. Bwezani zonse mudaika ku lendi, chotsani ndalama yolipiriratu yotsala, zonse pamodzi zikwane K7,200,000, muzisamutsire ku chuma chija, kenako lembani K9,798,817 mbali zonse ziwiri, ku ngongole ndi ku chuma chija. Mukatero lembani kutha kwa chuma ndi chiwongoladzanja cha miyezi yapitayi.

Muyembekezerenso izi, chifukwa ndi Malawi muno: landilodi adzabwera chaka chamawa, chipewa m'manja, kudzapempha kuti lendi ikwere ngakhale pepala likuti mtengo ndi womwewo. Abwana akavomera, kumeneko ndi kusintha mgwirizano. Muyenera kuwerengeranso ngongole ndi lendi yatsopanoyo pa chiwongoladzanja cha tsiku limenelo, osati chakale chija, ndipo kusiyana kwake kumapita ku chuma, osati ku phindu.

Ngati kampani ili ndi ngongole ku banki, auzeni a banki msanga. Iwo amayeza ngongole zanu poyerekeza ndi chuma cha eni kampani, ndipo K12,738,462 yotulukira mwadzidzidzi pa 31 Disembala ikhoza kukudumphitsani malire amene mudasainirana. Za msonkho nazo zisasokonezeke: MRA imayendera malamulo a msonkho, osati IFRS 16, choncho msonkho umene mumadula pa lendi musanapereke kwa landilodi upitirire monga kale, ndipo malisiti a lendi yeniyeni imene mwalipira muwasunge padera kuti wokonza za msonkho adzawapeze.

Mukapeza tsamba lija la m'malipoti a chaka chatha ndi ndime yowonjezera ya mumgwirizano, nditumizireni mawu ake monga momwe alembedwera, mutafufuta maina, tidzaone ngati zaka zitatuzi zikuimadi.