Bondi yomwe kampani ingabweze nthawi isanakwane

"Ndikufuna kugula bondi ya zaka 10 pa mtengo wa 1,100. Imapereka 80 pachaka, ndipo pomaliza adzandibwezera 1,000. Koma pachikalata alembapo YTM 6.6% ndi YTC 2.8%. Bondi ndi imodzi, nanga phindu likhala bwanji pawiri?"

Achimwene, bondi ndi ngongole yomwe kampani yatenga kwa inu. Werenganinso chikalatacho bwinobwino, mupeza mzere wonena kuti kampaniyo ili ndi ufulu wokubwezerani 1,000 yanu pakatha zaka 2. Ufuluwo ndi wawo okha. Akafuna kubweza, inu simungakane. YTM ndi phindu la pachaka ngati bondiyo ifika zaka 10, pomwe YTC ndi phindu la pachaka ngati abweza pa tsiku loyamba lomwe aloledwa.

Nkhani yonse yagona pa 100 yoonjezera yomwe mukulipira. Mukupereka 1,100 koma mudzalandira 1,000, kaya abweze msanga kaya mochedwa, choncho 100 imeneyo yapita basi. Mukaigawa pa zaka 10, ikukudyerani 10 pachaka, ndipo pa 80 ija mukutsala ndi 70. Mukaigawa pa zaka 2 zokha, ikudya 50 pachaka, mukutsala ndi 30. Kuluza kwake n'kofanana, kungoti kwapanikizidwa m'nthawi yochepa. Awa ndi masamu a pamtima. Enieni mungawaone polemba izi mu Excel:

```
=RATE(10,80,-1100,1000)
=RATE(2,80,-1100,1000)
```

Mzere woyamba ukupatsani pafupifupi 6.6%, wachiwiri 2.8%. Makampani ena amaikapo kachipepeso akabweza msanga. Atati abweze 1,020, YTC ingakwere kufika pafupifupi 3.7%, komabe ili kutali ndi inzake ija.

Kodi abwezadi? Ine ndikuganiza kuti inde. Bondi imakwera mtengo kupitirira 1,000 kawirikawiri chifukwa chiwongoladzanja chatsika pamsika. Ngati kampaniyo ingathe kukongola kwina pa 6 peresenti, ipitirizirenji kukulipirani 8 peresenti, yomwe ndi 80 ija pa 1,000? Ikongola ndalama zotchipazo, ikubwezerani zanu, nkhani yatha. Chowawa n'chakuti 1,000 ibwerera m'manja mwanu pa nthawi yomwe bondi zatsopano zikupereka zochepa. Chiwongoladzanja chikakwera ndiye amangokhala phee, inu n'kutsala nayo bondiyo mpaka chaka cha 10.

Sikuti YTC imakhala yotsika nthawi zonse ayi. Mukanagula pa 950, kubweza msanga kukanakupatsani 50 ya ulere m'zaka 2 zokha, ndipo YTC ikanaposa YTM. Koma nambala imeneyo musaidalire, chifukwa kampani siithamangira kubweza ngongole yomwe ikuitchipira kale.

Pa bondi yanuyi, werengerani pa 2.8 peresenti, ndipo muiyerekeze ndi bondi zina za zaka 2, osati za zaka 10. Funsaninso wokugulitsaniyo masiku onse omwe kampani ingabweze ndi mtengo wa tsiku lililonse, poti bondi zina zimakhala ndi masiku angapo. Phindu la pachaka lotsikitsitsa pa masiku onsewo, kuphatikizapo YTM, ndi lomwe amalilemba kuti YTW.