Mawu a shopu yokonza mafoni: lembani masiku, osati "odalirika"

"Abale, ndatsegula kashopu kokonza mafoni ku Limbe. Ndithandizeni mawu oti ndiike pansi pa chithunzi cha shopu, onena za waranti ndi nthawi yomwe ntchito imatenga, kuti anthu azindikhulupirira. Komanso dzina labwino la shopu lingakhale chiyani?"

Achimwene, za dzina akuthandizani ena. Ine ndiyankha za warantiyo, chifukwa inandiwawa.

Chaka chatha ndinakasinthitsa sikirini ya Tecno yanga pa shopu ina m'tauni, chapafupi ndi msika. Ndinalipira ndalama za m'ma K55,000, mnyamatayo n'kunena kuti "waranti ilipo bwana, osadandaula". Patangotha masiku 9 foni inayamba kudzidina yokha, kutsegula mauthenga ine osaikhudza, ndipo pakona yakumtunda galasi linayamba kutukuka moti chikhadabo chinkalowa. Nditabwerera anaitembenuza kawiri n'kundiuza kuti ndinaigwetsa. Lisiti ndinalibe, ndipo palibe pomwe panalembedwa kuti waranti ija inali ya masiku angati kapena yokhudza chiyani. Ndinangotuluka. Ndiye amene akukuuzani kuti mulembe "ndife akatswiri odalirika", pepani, shopu ijanso inalemba zomwezo pakhoma.

Munthu amakhulupirira manambala. Ndikanakhala ine ndikanalemba chonchi:

"Foni yasweka? Bweretsani ku Limbe. Kuyeza vuto ndi ulere, ndipo sitiyamba ntchito musanavomere mtengo. Sikirini, batire ndi polowetsa chaja: maola awiri ngati sipeya tili nayo. Vuto la pabodi: masiku atatu. Waranti ndi masiku 30 pa sikirini ndi masiku 60 pa batire, kuyambira tsiku lomwe mwatenga foni. Chomwe tinakonza chikavutanso, tikonzanso osalipira. Waranti siigwira foni ikagwa, ikalowa madzi kapena ikatsegulidwa kwina. Zonse timalemba pa lisiti."

Masikuwo musinthe malinga ndi amene amakugulitsani masipeya. Ngati iye amakupatsani masiku 14 okha oti mubweze sikirini yovuta, inu n'kulonjeza 90, masiku otsalawo sikirini yachiwiri ituluka m'thumba mwanu. Ngati pa ntchito imodzi ya K55,000 mumapeza K15,000, kasitomala mmodzi wobwerera akudyerani phindu la ntchito pafupifupi zitatu. Ndi bwino kulemba masiku ochepa amene mungawasunge.

Chenjerani kwambiri ndi mawu akuti "orijino". Mafoni ena, monga ma Samsung ambiri a mtundu wa A, amawerenga chala pansi pa sikirini penipeni. Mukaikapo sikirini yotchipa ya LCD foni iyaka ndithu, koma chala sichiwerengekanso, ndipo mwini wake abwera atakwiya mawa lake. Muuzeni musanatsegule foni kuti pali mitundu iwiri, mitengo iwiri, ndipo mulembe pa lisiti umene wasankha.

Foni yolowa madzi musaipatse waranti, ndipo nenani zimenezi poyera. Imatha kuyaka lero n'kuzimanso patatha sabata chifukwa dzimbiri limapitiriza kudya bodi. Mafoni ambiri ali ndi kasitika koyera mkati, ena polowetsa simu, kamene kamafiira kakanyowa. Kaonetseni kasitomala ali pomwepo, mwinanso mujambule. Nyengo ya mvula ikafika mudzandithokoza, chifukwa aliyense amati "yangozima yokha".

Pa nthawi, musalembe "tsiku lomwelo" pa ntchito zonse. Magetsi akazima makina otenthetsera sikirini sagwira, ndipo sipeya ya foni yosowa mwina mudikira kuti ibwere kuchokera ku Lilongwe kapena kunja. Munthu amene wakwera minibasi kuchokera ku Chirimba kapena ku Bangwe n'kumva kuti "bwerani mawa" kawiri, sabweranso. Mukaona kuti nthawi ipitirira, muimbireni msanga. Apa mufunse nambala ina, pakuti foni yake ili ndi inu! Ambiri amaiwala zimenezi.

Pa lisiti pakhale tsiku, vuto, mtengo, masiku a waranti ndi nambala ya IMEI. Imatuluka mukadina `*#06#`, ndipo ili ndi manambala 15. Ngati foni siikuyaka, yang'anani pa katireyi ka simu, kumbuyo kwa foni kapena pa bokosi lake. Nambalayi ikutetezani kwa munthu wobwera ndi foni ina yofanana n'kumati ndi yomwe munakonza ija. Kasitika kanu kamodzi pa sikuluwu yamkati kakuuzaninso ngati wina anaitsegula.

Ndipo muuzeni mwini foni achotse yekha simu ndi memore kadi asanachoke. Pa simupo pali Mpamba kapena Airtel Money, ndalama zikasowa woyamba kutchulidwa ndi inu.