Mawu oyamba a nthambi sakuuza mtundu wake

"Zikomo aphunzitsi. Ndili Fomu 4 ndipo ndimakhala ku Bangwe. Pamayeso a Chichewa akatipatsa chiganizo chachitali n'kufunsa mtundu wa nthambi, ndimalakwa nthawi zonse. Ndinaloweza kuti 'amene' ndi ya mfotokozi, 'kuti' ndi ya dzina, 'pamene' ndi ya muonjezi, koma sizikundithandiza. Ndizitani?"

Mwanawe, kalata yako ndaiwerenga kawiri, chifukwa mndandanda umene waloweza ndi womwewo umene unandigwetsa ine. Ndili Fomu 4, aphunzitsi athu anatilembera pabolodi mizere itatu: uku "amene, chimene, zomwe", pakati "kuti", uko "pamene, chifukwa, ngati". Anati tikangoona mawu amenewa tizidziwiratu yankho. Ine ndinakopera bwinobwino, n'kumaloweza ndikuyenda wapansi kuchokera ku Chilomoni m'mawa uliwonse. Pamayeso oyeserera kunabwera chiganizo ichi, ndipo mpaka lero sindinachiiwale: "Mayi anadzuka m'mamawa kuti akagule makala." Ndinaona "kuti", mtima unakhala pansi, ndinalemba kuti ndi nthambi ya dzina. Pepala litabwera panali mtanda wofiira. Nditapita kukafunsa anangoti ndikawerengenso zolemba zanga, chonsecho zolembazo ndi zimene zinandisokeretsa. Zinandiwawa kwambiri chifukwa sindinachite ulesi ayi, ndinachita zimene ndinauzidwa.

Amene anandimasula anali malume anga, omwe ankagwira ntchito yosoka pakhonde la sitolo ku Limbe koma Chichewa ankachidziwa. Sanatsegule buku. Anangondifunsa kuti, "Mayiwo anadzuka chiyani?" Ndinaseka, ndinati funsolo silikumveka, munthu sadzuka chinthu. "Nanga anadzukiranji?" Ndinayankha kuti akagule makala. "Ndiye nthambiyo ikuyankha funso liti?" Pomwepo ndinaona kuti nthambiyo ikunena cholinga cha kudzukako, ikuonjezera tanthauzo la mneni, choncho ndi nthambi ya muonjezi wa cholinga.

Ndinene mosabisa: kuphunzitsa ana nthambi ndi mndandanda wa mawu oyambira n'kuwalakwira. Timabuku tina ta mafunso ndi mayankho timene timagulitsidwa m'misewu timachitanso zomwezo, ndipo ana amatikhulupirira chifukwa n'tosindikiza. Koma pamayeso pamatha kubwera ziganizo zimene mawu oyamba amanyenga. Ngakhale pa pepala la Chingerezi la MSCE msampha wake ndi womwewu, kungoti mawu ake ndi ena. Nthambi imatchedwa dzina lake chifukwa cha ntchito imene ikugwira m'chiganizo chimenecho, basi.

Taona "kuti" yemweyo m'chiganizo china: "Mayi akufuna kuti ukagule makala." Akufuna chiyani? Funsoli likumveka, ndipo yankho lake ndi nthambi yonseyo. Ukhoza kuichotsa n'kuikapo dzina limodzi, "Mayi akufuna makala", chiganizo n'kukhalabe chabwino. Imeneyo ndiye nthambi ya dzina, ikugwira ntchito ya pamtherankhani wa mneni "akufuna". Ena amaphunzitsa kuti mneni akathera ndi "-e" pambuyo pa "kuti" ndiye kuti ndi cholinga. Koma "akagule" ndi "ukagule" onse athera ndi "-e", pomwe nthambi zake n'zosiyana. Njira yachidule imeneyonso isiye.

"Amene" nayenso amanyenga. "Mnyamata amene waba nkhuku wagwidwa." Pano pali dzina, "mnyamata", ndipo nthambi yabwera pambuyo pake kudzatiuza kuti ndi mnyamata uti. Ndi ya mfotokozi. Tsopano chotsa dzinalo: "Amene waba nkhuku wagwidwa." Nthambi ilibenso dzina loti ilifotokoze. Wagwidwa ndani? Amene waba nkhuku. Yakhala yokha pamalo a mwininkhani, pamene pakanakhala "wakuba" kapena "mnyamata", ndiye yasanduka nthambi ya dzina. Mawu ake sanasinthe ngakhale limodzi, chasintha ndi mpando umene yakhalapo.

Mawu amene ndimakonda kuyesera nawo ana amene ndimawaphunzitsa madzulo ndi "komwe", chifukwa amalowa m'mitundu yonse itatu. "Sindikudziwa komwe agogo amakhala": sindikudziwa chiyani? Ya dzina. "Ku Ndirande komwe agogo amakhala kwagwa mvula": yatsamira pa dzina la malo lomwe lili patsogolo pake, ndiye ya mfotokozi. "Tikagona komwe agogo amakhala": tikagona kuti? Ya muonjezi wa malo. Ana ambiri amalemba zonse zitatu kuti ndi za muonjezi chifukwa "komwe" akumveka ngati malo. Chiganizo choyamba chija ndiye chimagwetsa ngakhale ana anzeru, poti nkhani yake ndi ya malodi, koma kudziwako sikukuchitikira kumaloko. Malowo ndi chinthu chimene sichikudziwika.

Chiganizo chikatalika

Apa ndi pamene wati umasokonezeka, ndiye tiye tichite chimodzi limodzi. "Pamene tinafika ku Limbe, mayi amene amagulitsa tomato anatiuza kuti mitengo yakwera."

Usayambe ndi kufunafuna mitundu. Yamba walemba mzere kunsi kwa mneni aliyense: tinafika, amagulitsa, anatiuza, yakwera. Aneni ndi anayi, choncho nthambi ziliponso zinayi. Mawu oyamba ndi "ku-" monga "kugula" kapena "kupita" usawawerengere, chifukwa saonetsa wochita kapena nthawi, ndipo sapanga nthambi paokha.

Kenako peza nthambi yoima payokha. Pano m'pamene ambiri amatayika, chifukwa amaganiza kuti iyenera kukhala pamalo amodzi. M'chiganizo chathu yadulidwa pakati: "mayi ... anatiuza". Nthambi ina yalowa pakati pa mwininkhani ndi mneni wake. Ukaona dzina likutsatidwa ndi "amene", lumpha mpaka upeze mneni wa dzinalo, ndipo ukadzifunsa kuti mayiwo anatani, upeza "anatiuza".

Ukaipeza, mafunso onse uziwafunsa kuchokera pa iyo. Mayi ati? Amene amagulitsa tomato: ya mfotokozi, ikufotokoza dzina loti "mayi". Anatiuza chiyani? Kuti mitengo yakwera: ya dzina, pamtherankhani wa "anatiuza". Anatiuza liti? Pamene tinafika ku Limbe: ya muonjezi wa nthawi, ikuonjezera tanthauzo la "anatiuza". Ngati ukukayikabe, yesa kusuntha nthambiyo. Ya muonjezi kawirikawiri imalola kupita kumapeto kapena kumayambiriro tanthauzo osaonongeka. Ya mfotokozi sichoka pafupi ndi dzina lake. Ya dzina ukaichotsa pamatsala dzenje: "mayi anatiuza" n'kusiyira pomwepo, womvera adzafunsa kuti anakuuzani chiyani.

Funso likati utchule mtundu ndi ntchito yake, usangolemba "nthambi ya mfotokozi" n'kusiya. Tchula mawu enieni amene ikugwirapo ntchito, monga ndachitira pamwambapa, chifukwa funsolo lafunsa zinthu ziwiri. Ndipo kwa nthambi ya muonjezi onjezera kuti ndi wa chiyani, monga nthawi, malo, chifukwa kapena cholinga. Ziwiri zomalizazi uzisiyanitse bwino. "Anathamanga chifukwa mvula inayamba" ikunena chimene chinamuthamangitsa, pomwe "Anathamanga kuti asanyowe" ikunena chimene ankafuna pothamangapo.

Usiku uno yesa ichi, ndipo undilembere mayankho ako: "Ngati ufika msanga, uwauze ana omwe akusewera panja kuti nsima yapsa." Nthambi zilimo zinayi, ndipo imodzi yokha ndiyo yoima payokha.