Injini ya chigayo: tikonzenso kapena tigulitse?

"Ndangosankhidwa kumene kukhala manijala wa kopaletivi yathu kuno ku Ngabu. Injini ya chigayo chathu, chilowereni madzi osefukira, yatidyera K1,800,000 pa miyezi 18, ndipo makaniko akufunanso K900,000. Pali munthu amene akufuna kuigula pa K600,000, koma akomiti akuti tawononga kale zambiri, sitingaisiye. Ndichite bwanji?"

Achimwene, choyamba chotsani K1,800,000 ija pa masamu anu, chifukwa kaya mukonza injiniyo kaya muigulitsa, ndalamayo sibwereranso, ndipo chinthu chimene sichisintha pa njira zonse ziwiri sichingakuthandizeni kusankha njira. Madzi akatayika saoleka. Zili ngati mwakwera minibasi pa Ngabu mutalipira ya ku Blantyre, kenaka pofika pa Nchalo mwalandira foni yoti katundu amene mumakapikula watha. Mukapitirira kukwera mapiri a ku Thabwa pofuna kuti ndalama yanu igwire ntchito, mutaya tsiku lonse ndi ndalama yobwerera, pamene ya poyamba ija inapita kale m'thumba la kondakitala.

Akomiti anu ndikuwamvetsa, pakuti ndi iwo amene anavomereza ndalama zija, ndipo kugulitsa injini kukuoneka ngati kuvomera pamaso pa mamembala kuti analakwitsa. Ichi ndicho chizindikiro chake: pamene chifukwa chokhacho chopitirizira chinthu chikuyamba ndi mawu oti "tawononga kale", dziwani kuti anthu akuteteza dzulo. Musawachititse manyazi pa msonkhano. Afunseni modzichepetsa kuti, tikanakhala kuti tilibe chigayo lero, koma tili ndi K1,500,000 m'manja, kodi tikanagula injini imeneyi n'kuikonzetsa?

Ndatchula K1,500,000 mwadala. Kukonza sikukudyerani K900,000 yokha ayi, chifukwa mukakonza mwakananso K600,000 ya wogula uja. Kusankha kulikonse kuli ndi mtengo wobisika, umene ndi phindu la njira yabwino koposa mwa zimene mwazisiya, ndipo mtengo umenewu sulembedwa pa lisiti lililonse.

Tiyeni tiyerekeze chaka chimodzi, koma manambala awa ndi ongoyerekeza, muikemo anu a m'mabuku. Mukagulitsa, muli ndi K1,500,000, imene ndi K600,000 ya wogula kuphatikiza K900,000 imene simunapereke kwa makaniko. Tinene kuti mwapikula nayo chitowe pa nthawi yokolola n'kupindula K300,000, ndipo nyumba ya chigayo mwaibwereketsa kwa ogula thonje kapena osunga mbewu pa K40,000 pa mwezi, imene ndi K480,000 pa chaka. Chaka chikamatha muli ndi K2,280,000. Ziwirizi taziphatikiza chifukwa zingathe kuchitika pamodzi. Koma ngati wina anena kuti ndalama yomweyo ingagulenso mbuzi, musawonjezere phindu la mbuzi pa la chitowe, popeza ndalama imodzi singapite ku misika iwiri. Tengani chimodzi chokha chimene chikuposa chinzake.

Mukakonza, chingachitike chimodzi mwa zinthu ziwiri. Ngati injini yachiradi ndipo ikusiya K150,000 pa mwezi mutachotsa dizilo ndi malipiro a wogayitsa, pa chaka ndi K1,800,000, ndipo mukawonjezera mtengo wa injini yamoyo, tinene K800,000, mwafika pa K2,600,000. Apa kukonza kwapambana. Koma ngati ipitiriza kufa sabata imodzi pa mwezi, phindu litsikira ku K110,000, ndipo kukonzetsa kukadya K100,000 pa mwezi monga kwakhala kukudyera, mutsala ndi K10,000 yokha. Pa chaka ndi K120,000, kuphatikiza injini ya K600,000, ndiye kuti K720,000 basi.

Mwaona kuti K100,000 ija ndaipeza pogawa K1,800,000 ndi miyezi 18. Apa pokha ndi pamene ndalama yakale ili ndi ntchito: ikukuuzani khalidwe la injiniyo. Tsono tsegulani malisiti onse muone chimene chakhala chikukonzedwa. Ngati ndi vuto limodzimodzi lobwerezabwereza, monga mabering'i amene akutha msanga, oyilo amene akuchepa komanso utsi wabuluu, mwina matope amene analowa mkati anakanda zitsulo, ndipo amakaniko akhala akuchiza zizindikiro zokha. Ife a kuchigwa kuno tinaziona zimenezi madzi a 2015 atapita, komanso pambuyo pa namondwe Freddy mu 2023. Itanani makaniko wachiwiri amene sadzapatsidwa ntchitoyo, atsegule injini pamaso panu, ndipo woyambayo alembe pa pepala zipangizo zimene asinthe ndi miyezi imene akulonjeza kuti injini iyenda.

Pali chinthu china chimene ndikupemphani kuti musachinyoze. Ngati chigayo china chili kutali, amayi a mamembala anu adzayenda mtunda wautali ndi matumba a chimanga ndi mapira pa dzuwa la kuno, kapena adzalipira kabaza. Umenewo ndi mtengo wa mtsogolo, ndipo uyenera kuwerengedwa: chulukitsani ndalama ya kabaza ndi maulendo a mabanja onse pa chaka, ndipo muichotse pa K2,280,000 ija musanapite nazo ku komiti.