Za Allow ya contacts pa apu ya ngongole

"Abale ndithandizeni, ndaika apu yobwereka ndalama ndiye yabweretsa ichi chili pa chithunzichi, ikufuna contacts, kamera na malo amene ndili. Ndidine Allow? Ndifuna K500 chabe ya oda."

Asisi musadine, chonde musadine kaye. Mtima wanga wachita kugunda nditangoona mawu akuti "access your contacts" pa chithunzi chanucho chifukwa ndi omwewo amene anandivula ine pamaso pa anthu onse a ku Kapata.

Anthu amaganiza kuti Allow ya contacts ndiye kuti apu ione nambala yanu kapena isankhe munthu mmodzi wokuimirani. Ayi. Ilibe theka, mukadina mwapereka buku lonse la manambala, dzina lililonse mmene munalisungira, a pa simu na a mu akaunti ya Google omwe, ngakhale a anthu amene munasiya kulankhula nawo kalekale. Ndipo apu yoipa siwerengera pa foni panu chabe, imakopera zonse n'kutumiza ku makompyuta a eni ake mukadali kulemba dzina pa fomu. Ukazimitsa chilolezocho mawa kapena kufufuta apu, watseka khomo koma zimene anatenga zili kwa iwo, sizibwerera.

Ine anandilembera K500, mu Airtel Money munalowa yosakwana akuti achotsa ya fomu, yobweza inali K700. Mwana anadwala, ndinachedwa pang'ono, osati mwezi ayi. Linali Sande, ndili mu kwaya tavala yunifomu, ndiona amayi a tcheya ayang'ana foni yawo kenako ayang'ana ine, wina kumbuyo naye watulutsa foni, kugundana zigongono. Potuluka andiitanira kuseri kwa tchalitchi n'kundionetsa. Chithunzi changa chija ndinajambula nditagwira reji pafupi na nkhope, pansi pake alemba kuti mayi uyu ndi wakuba, wathawa na ndalama za kampani, ndipo inu anakulembani ngati mboni yake ndiye mulipire ndinu. Mboni yanji? Ine sindinalembe munthu! Anangotenga m'buku muja. Uthenga womwewo unapita kwa apongozi anga ku Katete, kwa aphunzitsi a mwana wanga, kwa bambo amene ndimaodako kapenta, mpaka kwa mlamu amene tinayambana pa maliro ndipo sitipatsana moni. Ndipo anthu ake ngochenjera, amayamba na maina amene mwasunga kuti Amama, Abusa, Abwana, Apongozi, adziwa kuti pamenepo ndiye pobaya. Apongozi anaimba usiku akulira kuti mwana wanga apolisi abwera liti. Kamnyamata kamene kanali kundiimbira mwano wake, kunditchula hule ine mayi wa ana, sindikadziwa nkhope koma Mulungu akaona. Bola wa kaloba wa mu komboni amabwera yekha pakhomo mukambirana, awa amakhala kumene sitidziwa n'kumanyoza munthu kwa abale ake onse. Bambo wa kapenta uja mpaka lero safuna kundipatsa katundu wa pangongole.

Kamera ija musaiope kwambiri ngati contacts. Ikafunsa pamabwera zosankha zitatu pa mafoni atsopanoko, While using the app, Only this time na Don't allow. Yoyamba ndiye kuti nthawi iliyonse apu ili yotsegula ingathe kuyatsa kamera osafunsanso, yachiwiri ndi kamodzi kokha, mukatuluka chilolezo chimatha ndipo idzafunsanso. Kamera siipatsa mpata woona zithunzi zimene muli nazo kale, chimenecho ndi chilolezo china, chimalembedwa Photos and videos, pa mafoni akale Files and media kapena Storage. Icho ndiye choopsa, muli zithunzi za ana, za reji, zina za inu nokha zosafunika munthu kuona. Ngati foni yanu ndi Android 12 kupita m'mwamba, kamera kapena maiki ikayaka pamaoneka kadontho kobiriwira pakona yakumwamba, mukakaona musakujambula kanthu ndiye kuti pali apu imene ikuigwiritsa ntchito. Koma dziwani kuti chithunzi chimene mwajambula nokha mkati mwa apu n'kutumiza ndi chawo basi, changa chija sanabe, ndinawapatsa chifukwa fomu inafuna.

Za malo nazo zili pawiri. Mukaona timapu tiwiri, Precise ndi ija yolondola mpaka pa nyumba, ingasiyanitse geti lanu na la aneba, Approximate imangodziwa dera, kuti munthuyu ali cha ku Mchini kapena cha ku tauni. Apu ya mapu kapena ya takisi ifunadi Precise kuti woyendetsa akupezeni. Ya ngongole ifuna kudziwa pamene mugona kuti itani? Ndipo mu Settings muli inanso yakuti Allow all the time, imeneyo imakutsatani ngakhale apu mwaitseka foni ili m'chikwama, musaipatse apu ya ndalama iliyonse.

Chinanso yang'anani bwino ngati siikupemphanso SMS. Mauthenga onse a MoMo na Airtel Money amabwera pa SMS, ndiye ikawerenga idziwa zimene zalowa, zimene zatuluka, amene anakutumizirani, na manambala achinsinsi aja a kamodzi amene banki imatumiza. Ine tsiku limene mchemwali wanga ananditumizira ya mankhwala, foni inalira posakhalitsa, ati taona muli na ndalama lipirani.

Funso langa kwa inu asisi, apuyo mwaitenga kuti? Chifukwa kuyambira 2023 malamulo a Play Store salola mapu a ngongole kupempha contacts, zithunzi za mu foni kapena malo a Precise. Ndiye ngati yanuyo ikupempha contacts, mwina ndi zija za linki ya pa WhatsApp kapena wina anakutumizirani pa Xender, foni n'kukuchenjezani za unknown apps inu n'kupitiriza. Kapena yazemba malamulo. Zonse ziwiri si zabwino. Onaninso ngati dzina la kampaniyo lili pa mndandanda wa obwereketsa ndalama amene ali na laisensi ya Bank of Zambia, ngati palibe thawani.

Ngati mwadina kale pitani ku Settings, kenako Apps, sankhani apuyo, Permissions, chilichonse muike Don't allow. Pa Tecno na itel mawu amasiyanako pang'ono koma njira ndi yomweyo. Zimene anakopera zapita monga ndanena, koma asapitirize kutenga zatsopano. Akayamba kuopseza musafufute mauthenga, jambulani sikirini zonse na manambala amene akuimbira mupite nazo ku polisi na ku ZICTA, lamulo loteteza zinsinsi za anthu lilipo kuno kwathu kuyambira 2021. Ndipo uzani abale anu msanga inu nokha asanamve kwa iwo.

Ine masiku ano chilichonse chikafunsa ndimadina Don't allow, ndilibe nazo ntchito. Chabwino WhatsApp ndinailola contacts, popanda izo mumangoona manambala opanda maina, na kamera ndinailola chifukwa makasitomala afuna kuona katundu. Mukakana molakwitsa palibe chimene chiwonongeka, mubwerera ku Permissions komweko n'kuyatsa. Za ngongole za pa foni ndinalumbira kuti sindidzayandikiranso ndipo inunso musayese. Koma ngati zathina zenizeni oda siingadikire, pezani kafoni kakale mukafufute zonse, muikemo simu yopanda manambala osungidwa na akaunti ya Google yatsopano, ikapempha contacts ipeze mulibe munthu. Ndipo mubweze pa tsiku lake, chiwongoladzanja chawo chimakwera tsiku na tsiku. Apo ayi funsani ku chilimba kwanu akupatseni K500 imeneyo mwezi uno, ine ndikanakhala na yapadera ndikanakutumizirani koma nane oda yanga ya sabata ino sinakwane.