Mameseji akale: yambani mwadziwa ngati anali mu simukhadi kapena m'foni

"Ndinachotsa simukhadi m'kafoni kanga ka mabatani n'kuika m'foni ya Android. Mameseji amene malemu bambo anga ankanditumizira sakuoneka, ndipo awiri ndinawafufuta mwangozi kale. Kafoniko ndikadali nako koma batire linafa. Ndithandizeni abale."

Pepani ndi imfa ya bambo, achemwali. Kafoni kameneko musakataye, ndipo aliyense asakapange Factory reset, chifukwa mameseji anu ambiri ali m'menemo. Simukhadi ili ndi malo ochepa kwambiri, nthawi zambiri a mameseji 20 kapena 30 basi. Ena onse amakhala mu memori ya foni, ndipo satsatira simukhadi ikasamuka.

Ndiye funso loyamba ndi ili: simukhadi imene muli nayoyi ndi yomweyo ya nthawi imene ija? Ngati inatayikapo n'kukupatsani ina ya nambala yomweyo, ya kakhadiko iwalani. Nambala imabwerera, koma khadi yatsopano imabwera yopanda kanthu.

Ngati ndi yomweyo, pali kachiyembekezo pa awiri munafufuta aja. Meseji iliyonse mu simukhadi imakhala m'kachipinda kake ka mabaiti 176, timiyeso ta malo osungiramo uthenga, ndipo baiti yoyamba ndi chizindikiro chonena ngati mesejiyo yawerengedwa, sinawerengedwe, kapena chipindacho n'chopanda mwini. Mafoni ambiri akale mukafufuta amangosintha chizindikirocho kukhala 00, mawu onse n'kuwasiya pomwepo. Ena amapukutiratu chipinda chonse n'kudzazamo FF, ndipo zikatero palibe katswiri angawabweze.

Choopsa ndi meseji yatsopano. Tinene kuti khadi yanu ili ndi zipinda 30, ndipo mameseji a bambo anali m'chipinda 5 ndi 6. Mutawafufuta, zipinda ziwirizo zinakhala zopanda mwini. Kukabwera uthenga wina n'kusungidwa mu simukhadi, kawirikawiri umalowa m'chipinda chopanda mwini choyambirira, ndiye cha 5 chapita. Uthenga wautali ndiye woononga zedi: meseji imodzi imanyamula zilembo 160, ndipo wa zilembo 400 umagawika patatu n'kudya zipinda zitatu nthawi imodzi. Mwayi wanu ndi wakuti Android imasunga zobwera mu memori yake, choncho chisamutsireni khadiyo mwina sinalembedwenso.

N'chifukwa chake ndikuti musathamangire kubwezera simukhadi m'kafoni kakale. Yambani mwaiwerenga. M'foni ya Android tsegulani Settings ya pulogalamu ya mameseji, mufufuze pamene palembedwa SIM card messages kapena Manage SIM card messages, ngati foni yanu ili napo. Apo muona okhawo amene sanafufutidwe. Ofufutidwa amafuna kachipangizo kowerengera simukhadi kolumikiza pa kompyuta, ndi pulogalamu yoonetsa zipinda zonse, ndi zopanda mwini zomwe. Amene akukuthandizaniyo mumuuze kuti awerenge kokha, asalembemo kanthu. Ngati khadi ili ndi pini, musalotere. Mukalakwitsa katatu imatseka n'kufuna PUK, ndipo PUK mukailakwitsa kakhumi khadiyo yafa mpaka kale.

Mukathana nazo zimenezo, bwererani ku kafoni. Kufa kwa batire sikufufuta mameseji, ingopezani lina lofanana nalo. Yesani kukayatsa kopanda simukhadi. Ngati kakukakamira pa Insert SIM, ikanimo yake yomwe ija, poti tsopano mwaiwerenga kale. Mu Inbox, mafoni ambiri a mabatani amaika kachithunzi ka khadi pambali pa meseji ya mu simukhadi, ndipo pa Memory status mumaona kuchuluka kwa ali mbali iliyonse. Ena amalangiza kuchita Copy to SIM pang'onopang'ono n'kumasamutsa. Ine njira imeneyo sindiikonda, imachedwa komanso imadzaza zipinda zija. Ingojambulani meseji iliyonse ndi kamera ya foni yatsopano, tsiku ndi nambala zioneke.

Ngati awiri aja anali mu memori ya kafoni osati m'khadi, ndinene mosabisa, n'zovuta. Pamafunika zida zotulutsira memori yonse, ndipo si wokonza mafoni aliyense ali nazo.

Za mafoni amakono ndingonena mwachidule, poti ena m'gulu muno afunsanso. Mameseji awo amakhala m'failo yotsekedwa mkati mwa foni, ndipo mapulogalamu olonjeza kubweza zonse ndi batani limodzi nthawi zambiri safikako n'komwe. Chimene chimagwira ntchito ndi nkhokwe ya zofufutidwa: pa iPhone, kuyambira iOS 16, pali Recently Deleted, ndipo pa Samsung Messages pali Trash kapena Recycle bin. Zonse ziwiri zimasunga masiku pafupifupi 30. Masikuwo akadutsa, chotsala ndi zimene foni inasungitsa ku Google kapena ku iCloud mesejiyo isanafufutidwe, ndipo kuzibweza kumafuna kuyambitsa foni ngati yatsopano, choncho zimene zilimo panopa muyambe mwazisunga kwina.