Mmene mungasonkhanitsire zithunzi za mapepala kukhala PDF imodzi yowerengeka

Funso: Ndikufunsira ntchito ndipo akufuna mapepala onse mu PDF imodzi yosaposa 2 MB. Ndili ndi masamba 9: kalata, CV ya masamba awiri, setifiketi ya MSCE, dipuloma, masamba atatu a magiredi ndi chiphaso cha unzika. Ndinajambula ndi Tecno yanga usiku, ndinagwiritsa ntchito Print ndi Save as PDF, koma fayilo yafika 31 MB, masamba ena ndi opendekeka ndipo mkeka ukuoneka m'mbali. Nditani? (Mayi wa ku Kawale, Lilongwe)

Yankho: Mayi, njira ya Save as PDF siikonza chithunzi mwanjira ina iliyonse. Imangotenga chithunzi monga chilili, pamodzi ndi mkeka, mthunzi ndi kupendekeka kwake, n'kuchiika pa tsamba. Chithunzi chimodzi cha kamera ya foni chimalemera pafupifupi 3 MB kapena kuposerapo, choncho zithunzi zanu zitaunjikana sizikanalephera kufika pamene zafikapo. Malangizo anga ndi akuti musavutike kufinya fayilo imeneyo, chifukwa kuti 31 MB itsike kufika pa 2 MB zilembo zing'onozing'ono ziyenera kuphwanyika, makamaka poti zithunzi za usiku zimakhala kale ndi timadontho tambirimbiri. Yambaninso, ndipo ntchito yonse siidzakutengerani ola lathunthu.

Choyamba, masamba atatu mwa masamba anuwo safunika kujambulidwa konse. Kalata ndi CV munazilemba pa kompyuta kapena pa foni, ndiye tsegulani fayilo yake mu Word kapena Google Docs ndi kuisunga mwachindunji ngati PDF. Zilembo zosungidwa motero zimakhala zakuthwa ngakhale mutazikulitsa bwanji, ndipo masamba atatu opanda zithunzi kawirikawiri sapitirira 150 KB. Phindu lake likuoneka mukawerengetsera: mukagawa 2 MB, yomwe ndi pafupifupi 2,000 KB, kwa masamba 9, tsamba lililonse limapeza 220 KB yokha, koma mukachotsapo atatu olembedwawo, masamba 6 otsala amapeza pafupifupi 300 KB lililonse, ndipo kuchuluka kumeneko n'kokwanira kuti setifiketi iwerengeke bwino. Ngati kalatayo ikufunika saini ya cholembera, imeneyo yokha ndiyo muisindikize, muisaine ndi kuijambula pamodzi ndi zinazo.

Gawo lalikulu la ntchitoyi lili pa kajambulidwe, pakuti palibe pulogalamu imene ingabwezeretse chilembo chimene kamera sinachione bwino. Jambulani masana, pakhonde kapena pafupi ndi zenera, pamthunzi pamene kuwala kukufika mokwanira koma dzuwa silikuomba papepala mwachindunji. Babu la m'nyumba silipereka kuwala kokwanira, ndiye kamera imatsegula diso lake nthawi yotalikirapo, ndipo kunjenjemera pang'ono kwa dzanja kumachititsa kuti zilembo zituluke ngati zapakidwa mafuta. Vuto lina la babu ndi loti limakhala pamwamba pa mutu wanu, kotero mthunzi wa foni ndi wa mkono umagwera pakati penipeni pa tsamba. Kuwala kukamachokera m'mbali, mthunziwo umagwera kunja kwa pepala. Fulashi izimitseni, chifukwa pa setifiketi yokutidwa ndi pulasitiki komanso pa chiphaso cha unzika imasiya chigamba choyera chimene nthawi zambiri chimagwera pa dzina kapena pa nambala.

Pepala liikeni pa tebulo losalala lakuda, kapena yalani nsalu yakuda yopanda maluwa. Pali chifukwa chake. Pulogalamu yopanga sikani imapeza ngodya zinayi za pepala poona pamene kuyera kwathera ndi pamene kuda kwayambira, ndipo mizere ya mkeka kapena maluwa a chitenje zimaisokoneza mpaka imadula pepala pakati kapena kutenga mbali ya tebulo. Masamba a magiredi ngati ndi omangidwa ndi waya pakona, masulani wayayo kuti tsamba lililonse ligone lokha, ndipo pepala limene linapindidwa mu envulopu liyambe latsindiridwa ndi mabuku olemera kwa kanthawi. Pukutaninso galasi la kamera ndi kansalu kofewa. Foni zambiri zimene anthu amabwera nazo kuno akudandaula kuti kamera yafooka zimangokhala ndi mafuta a zala pagalasipo.

Kupendekeka kumabwera foni ikakhala kuti sinagone mofanana ndi pepala. Mukajambula mutakhala pampando, foni imaweramira kutsogolo, ndipo m'munsi mwa tsamba mumaoneka motambalala pamene kumtunda kukuoneka kopanikizika. Imirirani, gwirani foni ndi manja awiri pamwamba pa pakati pa pepala, pa mtunda wa masentimita 30 mpaka 40, kuti pepala lidzaze sikirini koma ngodya zonse zinayi zizioneka ndi kampata pang'ono. Gusani sikirini pamene pali zilembo, dikirani kuti ziwale bwino, kenako jambulani. Pulogalamu imatha kuwongola kupendekeka kochepa, koma ikawongola kwambiri imakoka mbali imene inali kutali, ndipo zilembo za kumeneko zimafufuma. Foni zina zotsika mtengo zili ndi kamera imene siisintha kaonedwe kake molingana ndi mtunda, ndipo mungaizindikire poona kuti kugusa sikirini sikusintha kuthwa kwa zilembo. Foni yotero muitalikitse pang'ono mpaka zilembo zitaoneka bwino, ndipo ngati zikukanabe, bwerekani ya mnzanu.

Pojambulapo musagwiritse ntchito kamera wamba. Tsegulani Google Drive, imene imapezeka kale pa foni zambiri za Android, ndipo dinani kachizindikiro ka kamera kapena batani la + kenako Scan. Mukajambula tsamba loyamba musasunge msanga. Dinani kachizindikiro kowonjezera tsamba, jambulani lachiwiri, ndipo pitirizani chomwecho mpaka onse atatha, chifukwa mukasunga tsamba lililonse palokha mudzakhala ndi mafayilo asanu ndi limodzi m'malo mwa imodzi. Sanjani mapepala patebulo musanayambe, motsatira mndandanda umene olemba ntchito apereka, kuti muwajambule mu dongosolo lomwelo. Pa tsamba lililonse onani pamene pulogalamu yaika ngodya, ndipo ngati yalakwitsa lowani pa Crop n'kuzikokera pamalo pake ndi chala. Pomwepo palinso potembenuzira tsamba, zimene mudzazifuna pa dipuloma ngati inalembedwa chopingasa, kuti wowerenga asachite kupotoza khosi. Amene ali ndi iPhone apeza zomwezi mu Notes pa Scan Documents. Kumbali ya chiphaso, Adobe Scan ili ndi gawo la ID card limene limaika kutsogolo ndi kumbuyo pa tsamba limodzi, koma mukhozanso kupangitsa fotokope ya mbali zonse ziwiri papepala limodzi n'kujambula pepalalo.

Kusankha mtundu ndi pamene anthu ambiri amaonongera mapepala abwinobwino. Mtundu wa zakuda ndi zoyera zokhazokha umachepetsa fayilo kwambiri ndipo umayeretsa tsamba mokongola, koma umagwira ntchito pogamula kuti kadontho kalikonse kakhale kakuda bii kapena koyera mbee, popanda za pakati. Chidindo chofiirira chimene inki yake inali yochepa, saini ya cholembera chabuluu ndi timizere tosaoneka bwino ta pansi pa setifiketi ya MANEB zikhoza kufufutika kapena kusanduka zigamba zakuda, ndipo setifiketi yopanda chidindo imakayikitsa amene akuiona. Chifukwa cha ichi, setifiketi, dipuloma ndi chiphaso zisiyeni mu mtundu wake weniweni, pamene masamba a magiredi muwaike pa Grayscale, mtundu wotuwa umene umasunga chidindo koma n'kupeputsa fayilo pang'ono. Batani lofufutira madontho, limene pa Drive limalembedwa kuti Clean, musalikhudze pa mapepala a sukulu, chifukwa chilichonse chooneka ngati chafufutidwa pa setifiketi chingakubweretsereni mafunso amene simunawayembekezere.

Tsopano muli ndi mafayilo awiri kapena atatu, a zolembedwa ndi a zojambulidwa, ndipo afunika kulumikizidwa. Pa intaneti pali malo ambiri ochitira zimenezi mwaulere, ndipo amagwiradi ntchito, koma dziwani kuti potero mukutumiza chiphaso chanu ndi masetifiketi anu ku kompyuta za anthu ena. Ine ndimakonda pulogalamu ya PDF24 Creator, yaulere, imene imaikidwa pa kompyuta ya Windows ndipo imalumikiza ndi kufinya mafayilo popanda intaneti. Ngati mulibe kompyuta ndipo mwapita pa malo opangira fotokope m'tauni, imani pomwepo mpaka ntchito ithe ndipo onetsetsani kuti mafayilo anu afufutidwa pa kompyutayo. Posamutsa mafayilo pa WhatsApp, atumizeni ngati Document, chifukwa chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse chimachepetsedwa ndipo zilembo zing'onozing'ono zimaonongekera m'njira.

Fayilo yolumikizidwayo ikapitirira 2 MB, ifinyeni kamodzi kokha kuchokera pa yoyambirira, ndipo nambala yofunika kuiyang'ana ndi ya DPI, imene imanena kuchuluka kwa timadontho pa inchi imodzi. Pepala la A4 ndi la mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Pa 300 DPI limakhala ndi timadontho 2,480 m'lifupi ndi 3,508 m'litali, zimene ndi zoyenera kusindikiza koma n'zolemera kwambiri pa malire anu. Pa 150 DPI limakhala ndi 1,240 ndi 1,754, kutanthauza kuti timadontho tonse tatsika kanayi, ndipo zilembo wamba zimawerengekabe bwino. Yambani ndi 200, onani kukula kwa fayilo, ndipo ngati sinakwane bwererani ku yoyambirira n'kuyesa 150. Kutsika kupitirira pamenepo ndiye kumayamba kusokoneza manambala, moti 3 amafanana ndi 8 ndipo 5 amafanana ndi 6, zimene pa tsamba la magiredi ndi nkhani yaikulu. Musafinye fayilo yofinyidwa kale, chifukwa ulendo uliwonse umaonongako zina zimene sizibwereranso.

Musanatumize, tsegulani PDF yomalizayo, werengani masamba ngati alidi 9 ndi kuona ngati onse aimirira bwino. Kenako kulitsani ndi zala ziwiri pa zilembo zazing'ono kwambiri, monga nambala ya setifiketi, tsiku la pa chidindo ndi tsiku lothera ntchito la chiphaso. Ngati pali tsamba limene nambala zake mukuchita kuganizira, lijambuleninso tsamba lokhalo masana ndi kulilowetsa m'malo mwa loipalo. Kukula kwa fayilo kuoneni mu Files pa foni, ndipo yesetsani kuti kukhale cha pa 1.8 MB, popeza makina ena olandirira mafomu amawerengera mosiyanako pang'ono ndipo amakana fayilo imene yangofika pamalire penipeni. Dzina la fayilo likhale dzina lanu ndi udindo umene mukufunsira, lopanda mipata ndi zizindikiro zachilendo, m'malo mwa dzina la manambala limene foni imapereka yokha.